Malembo akutsalira m'mbuyo pa kanema wa nyimbo ya kwaya yathu

*"Zikomo akatswiri. Ndine mlembi wa kwaya ya achinyamata kumpingo kwathu ku Zomba. Tinajambula nyimbo ku situdiyo, ndipo anzanga anandipatsa ntchito yopanga kanema wa malembo oyenda, uja mawu amatuluka pamene akuimbidwa. Ndikugwiritsa ntchito After Effects pa laputopu ya achimwene anga. Liwu lililonse ndimaliika pamene ng'oma yagunda, koma tikamaonera aliyense akuti malembo akuchedwa, ndipo pofika kolasi yachiwiri amakhala atasiyaniranatu ndi nyimbo. Ndayambiranso kawiri. Kodi ndi laputopu yofooka, kapena ntchitoyi si yanga?"*

Achemwali, mtima pansi. Ntchitoyi ndi yanu ndithu, ndipo musafufute zimene mwapanga kale, chifukwa zambiri mwa izo zingofunika kusuntha pang'ono. Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikupanga makanema otere, sindinaonepo woyamba kumene amene sanakumane ndi zimenezi. Muli ndi mavuto awiri osiyana amene abwera pamodzi, ndipo lililonse lili ndi kakonzedwe kake.

Poyamba tidziwe kuti vuto liti ndi liti. Tulutsani kanemayo monga mmene alili, mumuonere pa foni, osati mkati mwa After Effects, ndipo muzimvera pa sipika ya foniyo kapena pa mahedifoni a waya. Yang'anani malo atatu okha: mzere woyamba wa nyimbo, wapakati, ndi womaliza. Ngati kuchedwa kuli kofanana malo onse atatu, vuto lili pa mmene mukuikira liwu lililonse. Ngati kumayambiriro kuli bwinoko koma kukunkera kukula, ndiye kuti masamu a kugunda kapena fayilo ya nyimbo zikukusocheretsani. Kwa inu ndikuona kuti zonse ziwiri zilipo. Ndikhalitsa pa loyambalo, chifukwa m'menemo ndi mmene muli luso lenileni la ntchitoyi.

Ng'oma si woimba. Woimba, makamaka m'nyimbo za Chichewa, kawirikawiri amayamba mzere ng'oma yaikulu isanagunde. Mawu athu ndi aatali, amanyamula zambiri kutsogolo kwawo, ndipo phatikizo limene limalemera nthawi zambiri ndi lija lotsatizana ndi lomaliza. Choncho woimba amathamangitsa maphatikizo awiri kapena atatu oyambirira n'cholinga choti lolemeralo ligwere pa kugunda. Inu mukaika liwu pa kugundako, mwaliika pamene woimba watsala pang'ono kulimaliza.

Tiyeni tione zimenezi ndi manambala. Popeza nyimbo yanu sindinaimve, ndipeka mzere wanga: "Mwandinyamula pamene ndinagwa." Tinene kuti nyimboyi ikugunda ka 96 pa mphindi, ndipo kanema wanu ali pa mafulemu 25 pa sekondi. Fulemu ndi chithunzi chimodzi mwa zithunzi zimene zimasinthana mofulumira n'kukhala kanema. Mukagwira Ctrl n'kudina pa nambala ya nthawi imene ili pamwamba kumanzere kwa mzere wa nthawi, After Effects imayamba kuwerenga mafulemu m'malo mwa masekondi, ndipo ntchito imaphweka kwambiri. Kuti mudziwe mafulemu a pakati pa kugunda kuwiri, masamu ake ndi awa:

```
25 x 60 / 96 = 15.625
```

Theka la kugunda ndi mafulemu pafupifupi 8. Zoimbira zayamba zokha kwa masekondi khumi, ndipo kugunda kwakukulu kotsegulira vesi kwagwa pa fulemu 250. Pamenepo woimba akunena "mu". Koma "nya" wanena kale pa 242, "ndi" pa 234, ndipo "mwa" anayamba pa 227. Tsopano onani zimene zimachitika mukatsata ng'oma. Mwaika kiifulemu yoyamba, kachizindikiro kouza pulogalamu pamene kusintha kukuyambira, pa 250, mwalipatsa liwulo mafulemu khumi kuti lionekere pang'onopang'ono, ndipo likuwerengeka bwino pa 260. Kuchokera pa 227 kufika pa 260 ndi mafulemu 33, kupitirira sekondi imodzi. Anzanu aja sakunama. Pamene diso likuyamba kuwerenga "Mwandinyamula", khutu likudikira kale "pamene".

Mu chitsanzochi muli zolakwika ziwiri. China ndi chotsata ng'oma. Chinacho n'chobisika kwambiri, ndipo chimagwira ngakhale anthu amene akutsata woimba molondola: kuyambitsa kuyenda kwa liwu pa nthawi imene liwulo likuimbidwa. Pa nthawi imeneyo kuyendako kumayenera kukhala kutatha. Liwu limene likadali m'njira, likutsetsereka kuchokera pansi kapena likadali lozilala, munthu saliwerenga. Amaliwerenga likaima. Ndiye muziwerengera chobwerera m'mbuyo. Woimba akuyamba pa 227. Liwu liime, loonekera bwino, pa 225, mafulemu awiri iye asanatsegule pakamwa. Ngati kulowa kwake kukutenga mafulemu 6, kiifulemu yoyamba ikhale pa 219. Mudzaona ngati mwafulumira kwambiri mukamayang'ana pa mzere wa nthawi, koma mukaonera kanema mudzaona kuti liwu ndi nyimbo zikugwera pamodzi.

Chifukwa chake chili m'mutu mwathu. Mukaona mayi akusinja patali, mumaona musi ukutsika kaye, kenaka ndi pamene mumamva "thi". Kuwala kumathamanga kuposa phokoso, ndipo tinazolowera chibadwire kuti maso amayamba, makutu n'kutsatira. Zikasemphana, phokoso n'kutsogola, timazindikira msanga kuti china chake chalakwika. Bungwe la ITU, limene limaika miyezo ya zoulutsira mawu ndi zithunzi padziko lonse, linalemba mu 1998 kuti oonera wailesi ya kanema amayamba kuzindikira vuto phokoso likatsogola ndi mamilisekondi 45 okha, pamene likatsalira m'mbuyo amayamba kuzindikira likafika pa 125. Pa mafulemu 25 pa sekondi, fulemu imodzi ndi mamilisekondi 40. Kunena kwina, mukachedwa ndi fulemu imodzi mwafika kale m'malire, koma mukafulumira ndi ziwiri kapena zitatu palibe amene adandaule. Muyezowo anaupangira zithunzi za pa wailesi ya kanema, osati malembo oyenda, komabe pa ntchito yathu ndimaona ukugwira chimodzimodzi. Mukakayika, fulumirani.

Nanga 227 uja mumupeza bwanji pa nyimbo yanuyanu? Sankhani leya ya nyimbo, kutanthauza kamzere kamene pakhala nyimboyo pa mzere wa nthawi, n'kudina L kawiri mofulumira. Pansi pake patuluka chithunzi cha mafunde a phokoso. Kulitsani mzere wa nthawi mpaka muziona fulemu iliyonse payokha, kenaka gwirani Ctrl uku mukukoka kamuvi kosonyeza pamene muli. Mumva nyimbo ikulira pang'onopang'ono motsatira dzanja lanu, kupita kutsogolo kapena kubwerera. Kokani uku ndi uku pa chiyambi cha mzerewo mpaka mutamva pamene mpweya wa woimba ukusanduka liwu, ndipo pamenepo ikani chizindikiro. Pa kiyibodi yokhala ndi manambala kumanja, batani la * limachita zimenezo. Malaputopu ambiri alibe mbali imeneyo, ndiye mudzere pa Layer > Markers > Add Marker. Page Up ndi Page Down amakuyendetsani fulemu imodziimodzi.

Pali chinthu chimodzi cha chinenero chathu chimene chimasokoneza pano. Mawu oyamba ndi p, t kapena k amaoneka bwino pa mafunde, ngati khoma loima njo. Koma oyamba ndi m, n, mb, nd kapena mw amayamba ndi kung'ung'udza kwa m'mphuno kumene pa chithunzi kumangooneka ngati kamtunda kokwera pang'onopang'ono. Musavutike kufunafuna chiyambi chenicheni cha kung'ung'udzako. Khutu limamva kuti phatikizo lagwa pamene lembo la liwu, a, e, i, o kapena u, latseguka, ndipo pa mafunde ndi pamene mzere umatukumuka mwadzidzidzi. Ikani chizindikiro pamenepo. Mafulemu awiri otsogola aja aphimba kung'ung'udzako.

Njira yoimba nyimbo uku mukudina batani la chizindikiro si yoipa, imapulumutsa nthawi, koma ingokhala poyambira. Dzanja limachedwa ndi mafulemu angapo pa liwu limene simunaliyembekezere, choncho chizindikiro chilichonse muchibwerere n'kuchisunthira pa malo ake pogwiritsa ntchito mafunde. Ndipo apa pali msampha umene wagwira anthu ambiri: mahedifoni a Bluetooth. Amafikitsa phokoso m'khutu mochedwa, ena ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi kapena kuposerapo, omwe ndi mafulemu asanu. Mukamaika zizindikiro mukumvera pa amenewo, chilichonse chichedwa mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo inu simungazindikire chifukwa m'makutu mwanu zikumveka zolondola. Ngati mwakhala mukugwiritsa ntchito oterowo, mwina theka la vuto lanu ndi limeneli. Kukonza kwake n'kosavuta: sankhani maleya onse a malembo, muwasunthire kumbuyo pamodzi.

Laputopu yofooka nayo ikhoza kukunamizani, koma pokhapokha pamene mukuonera mkati mwa pulogalamu. After Effects imayamba yakonza mafulemu n'kuwasunga, ndipo amene akonzedwa amasonyezedwa ndi mzere wobiriwira pamwamba pa mzere wa nthawi. Pamene mzerewo sunadzaze, zithunzi zimayenda modukiza ndipo simungaweruze kanthu. Tsitsani kawonekedwe pa Half kapena Quarter, onerani masekondi khumi okha nthawi imodzi, ndipo dikirani chobiriwira chidzaze. Kanema wotulutsidwa sakhudzidwa ndi kufooka kumeneku. Amangotenga nthawi yaitali kuti atuluke.

Kuti musamasunthe makiifulemu awiriawiri pa liwu lililonse, pali kanjira kamene ndimakakonda. Ikani chizindikiro chimodzi pa leya ya malembo yeniyeniyo, pa fulemu imene woimba akuyamba. Dinani T kuti Opacity ioneke, gwirani Alt n'kudina kawotchi kake, ndipo lembani izi:

```
t = marker.key(1).time;
f = thisComp.frameDuration;
ease(time, t - 8*f, t - 2*f, 0, 100)
```

Tanthauzo lake n'lakuti liwu liyambe kuonekera mafulemu 8 chizindikiro chisanafike, ndipo likhale litaonekeratu kutatsala awiri. Ndi masamu omwe aja a 219 ndi 225. Ubwino wake ndi wakuti mukasuntha chizindikiro, kulowa konse kumatsatira. Ingoonetsetsani kuti leyayo yayamba kale chizindikiro chisanafike, apo ayi mbali ya kulowako idulidwa.

Tsopano vuto lachiwiri, lija lokula mukamapita kutsogolo. Ndikuganiza kuti munawerenga mtunda wa pakati pa kugunda kuwiri kumayambiriro, kenaka n'kumangobwereza mtunda womwewo, kapena munakopera vesi yoyamba n'kuiika kutsogolo moyerekeza. Taonaninso nambala ija, 15.625. Palibe fulemu yotheka kuidula, ndiye munthu amangoti 16. Kusiyana kwake ndi 0.375 pa kugunda kulikonse, kanthu kosaoneka n'komwe. Koma pakatha kugunda 64, omwe ndi masekondi 40 okha, mwachedwa ndi mafulemu 24, pafupifupi sekondi yathunthu. Nyimbo ya mphindi zinayi ili ndi kugunda 384, ndipo pomaliza mukhala mutatsalira ndi mafulemu 144, masekondi oyandikira asanu ndi limodzi. Kolasi yachiwiri imapezeka pakati pa ulendo umenewu, n'chifukwa chake m'pamene aliyense akuona kuti zasokonekera.

Mankhwala ake ndi akuti mzere uliwonse wa nyimbo ukhale ndi chizindikiro chake chochokera m'khutu ndi m'mafunde, osati chowerengera kuchokera pa mzere wapitawo. Mukatero, cholakwika cha mzere umodzi chimathera pomwepo, sichiunjikana. Kukopera kolasi n'kololedwa, ndipo ine ndimakopera nthawi zonse, koma mukaiika pa malo atsopano mugwirizanitse liwu loyamba ndi chizindikiro chake, kenaka muone liwu lomaliza. Ngati onse awiri agwa bwino, pakati palinso bwino. Ngati lomaliza laphonya, ndiye kuti nyimboyo sinajambulidwe pa metironomu, kachipangizo kogunda mofanana kamene kamasunga liwiro la nyimbo. Makwaya ambiri amaimba motsatira manja a wotsogolera, ndipo liwiro limasintha mwachibadwa: kolasi ikamabwerezedwa anthu amatenthedwa n'kufulumira, pomaliza n'kukoka. Si vuto la kaimbidwe, m'menemo ndi mmene muli moyo wa nyimbo, koma zikutanthauza kuti masamu a kugunda sangakuthandizeni ndipo kolasi iliyonse muikonze payokha.

Chinanso chofunika kuchiona ndi fayilo ya nyimboyo. Ngati mukugwiritsa ntchito imene inazungulira pa WhatsApp, kapena MP3 yotsitsidwa kwinakwake, isiyeni. Mafayilo ena a MP3 amavutitsa mapulogalamu okonzera kanema, moti pamene mwaima pa mzere wa nthawi sipagwirizana ndi zimene mukumva. Pemphani apulodyusa anu akupatseni WAV yomaliza, womwe ndi mtundu wa fayilo ya nyimbo yosafinyidwa. Ngati palibe, sandutsani imene muli nayo kukhala WAV musanaike chizindikiro chilichonse, kudzera mu Audacity, yomwe ndi yaulere, kapena ndi lamulo ili ngati muli ndi ffmpeg:

```
ffmpeg -i nyimbo.mp3 -ar 48000 nyimbo.wav
```

Ndipo fayilo imene mwayambira ikhale yomweyo mpaka kumapeto. Ndaonapo kanema wokonzedwa bwino kwambiri akuonongeka chifukwa apulodyusa anatumiza nyimbo ina yosakanizidwa bwinoko usiku womaliza, atadula kachete ka kumayambiriro. Nyimbo inali yomweyo, koma chilichonse chinasuntha. Zikatero, gwirizanitsani mafunde a yatsopano ndi a yakale pa kugunda koyamba musanachotse yakaleyo.

Mukafika kwa apulodyusawo, pemphani zinthu zina ziwiri. Akuuzeni BPM ya nyimbo, kutanthauza kuchuluka kwa kugunda pa mphindi, komanso ngati anagwiritsa ntchito metironomu, ndipo akupatseni fayilo ya mawu a oimba okha, yopanda zoimbira. Pa nyimbo yathunthu, mafunde amadzaza ndi ng'oma ndi besi, ndipo mapiri amene mukuwaona ndi a zoimbirazo. Imeneyi ndi njira ina imene anthu amagwera m'kutsata ng'oma mosadziwa. Pa fayilo ya oimba okha, liwu lililonse limaoneka palokha, ndi mipata ya kupuma pakati pake. Muiike pansi pa nyimbo yathunthu, zonse ziyambire pa fulemu imodzi, muikire zizindikiro pa iyo, ndipo potulutsa kanema muitseke. Ntchito imene ikanakutherani mlungu imatha masiku ochepa.

Nthawi ikakhala bwino, pamabwera funso la kuchuluka kwa zoyenda. Apa ndinena maganizo anga mosabisa: oyamba kumene amayendetsa zinthu zambiri kuposa zimene nyimbo ikufuna. Liwu lililonse likuzungulira, lina likudumpha, lina likuphulika, ndipo woonera amatopa asanamve uthenga. Pa mzere wathu uja pali mawu atatu. "Mwandinyamula" ndi limene lanyamula mzere wonse, choncho lingathe kukhala lalikulu, n'kulowa chokwera kuchokera pansi monga mmene tanthauzo lake lilili. "Pamene" ndi kamlumikizi chabe, kangoonekera mwakachetechete. "Ndinagwa" lingatsike pang'ono kuchokera pamwamba n'kuima. Zakwana. Sankhani makiifulemu n'kudina F9 kuti kuyenda kuyambe ndi kutha mofewa, koma dziwani kuti kufewako kumachedwetsa mapeto, ndiye onaninso ngati liwu likuwerengeka pa fulemu imene munafuna. Pa nyimbo yodekha mafulemu 8 kapena 10 olowera amakhala bwino. Pa yothamanga, 3 kapena 4.

Mawu aatali amabweretsa vuto lina. "Mwandinyamula" likuimbidwa kuyambira 227 mpaka kupitirira 266, ndipo ngati woimba akoka "mu", liwulo limangokhala duu pa galasi nthawi yonseyo. Ena amaganiza zolitulutsa lembo limodzilimodzi ngati munthu akutaipa. Musatero. Makina amatulutsa malembo pa liwiro lofanana pamene woimba sachita choncho, ndiponso munthu sangawerenge liwu lomwe lili theka. Chabwino ndi kuonetsa liwu lonse pa 225, kenaka mtundu uziyenda pa maphatikizo motsatira woimba. Pa leya ya malembo sankhani Animate > Fill Color > RGB, mupatse mtundu umene mukufuna. Tsegulani Range Selector 1, pansi pa Advanced musinthe Units kukhala Index, ndipo Based On ikhale pa Characters. Tsopano End ikuwerenga malembo. Mwa ndi malembo atatu, ndi afikitsa pa 6, nya pa 9, mu pa 11, la pa 13. Ikani End pa 0 poyamba, kenaka 3 pa fulemu 226, 6 pa 233, 9 pa 241, 11 pa 249, ndi 13 pa 265, iliyonse fulemu imodzi woimba asanafike. Sankhani makiifulemu onsewo, dinani kumanja kwa mbewa, musankhe Toggle Hold Keyframe, kuti mtundu uzidumpha phatikizo ndi phatikizo m'malo motsetsereka.

Pogawa maphatikizo kumbukirani zimene tinaphunzira ku pulayimale. Phatikizo limathera pa lembo la liwu, ndipo nd, mb, ny, ng', tsw ndi ena otere salekana. Ndi mwa-ndi, osati mwan-di. Munthu wolankhula Chichewa amaona cholakwikachi nthawi yomweyo ngakhale sangathe kufotokoza chimene chamukhumudwitsa. Ngati nyimbo yanu ili ndi mawu olembedwa ndi ŵ, yesani fonti yanu musanayambe ntchito, chifukwa mafonti ambiri okongola alibe lemboli ndipo pamalo pake pamatuluka kabokosi kapena lembo la fonti ina.

Sikuti mzere uliwonse ufunika kugawidwa chonchi. Ine ndimasungira njirayi kolasi, pamene anthu amafuna kuimba nawo. M'mavesi ndimatulutsa liwu ndi liwu, ndipo pamene mawu akuthamanga kwambiri ndimaonetsa mzere wonse nthawi imodzi, pang'ono woimba asanayambe. Popeza yanu ndi kwaya, mwina muli wotsogolera ndi oyankha, ndipo nthawi zina oyankha amalowa wotsogolera asanamalize. Apatseni malo osiyana ndi mitundu yosiyana, wotsogolera pamwamba, oyankha pansi, ndipo musasinthe mpaka nyimbo ithe. Woonera akazindikira dongosololi pa mzere woyamba, diso lake limadziwa kale koyang'ana. Kutuluka kwa malembo kusakudetseni nkhawa kwambiri: mzere ukhalebe mpaka liwu lomaliza litatha kuimbidwa, uchoke mofulumira kuposa mmene unalowera, ndipo pa galasi pasakhale mizere yopitirira iwiri.

Pali ngozi imodzi imene sindingaidumphe. Anthu amakonda kung'animitsa galasi lonse motsatira kugunda, kuyera n'kuda, kuyera n'kuda. Kung'anima koteroko kungayambitse kukomoka kwa anthu ena odwala khunyu, ndipo malangizo a WCAG, othandiza kuti za pa intaneti zizifikira anthu onse kuphatikizapo olumala, amaletsa kung'anima kopitirira katatu pa sekondi. Pa nyimbo yathu ya 96, kung'animitsa pa theka lililonse la kugunda kumakwana 3.2 pa sekondi, kupitirira malire. Kanemayu mwina mudzamuonetsa mu holo ya mpingo pa galasi lalikulu, muli ana ndi akulu amene simudziwa matenda awo. Ngati mukufuna kuti kanema azipuma limodzi ndi ng'oma, kulitsani malembo pang'ono chabe pa kugunda kwakukulu, kumbuyo kukhale kosasintha.

Anthu ambiri adzamuonera pa foni, atafinyidwa ndi WhatsApp. Malembo owonda ndi aja opiringizika ngati olemba pamanja amasungunuka akafinyidwa, makamaka pamene akuyenda. Sankhani fonti yonenepa, mtundu wosiyana kwambiri ndi wakumbuyo, ndipo mudzitumizire nokha kachidutswa ka masekondi makumi awiri kuti muone mmene kakutulukira musanamalize nyimbo yonse. Ngati ndi kanema woimirira wa 1080 ndi 1920, musaike malembo pansi penipeni kapena m'mphepete kumanja, chifukwa mabatani ndi mayina a pa TikTok ndi YouTube Shorts amaphimba pamenepo. Anzanu amene akupanga ntchito yomweyi pa foni ndi CapCut, zonse ndanenazi zikuwakhudza: atambasule mzere wa nthawi ndi zala ziwiri mpaka mafunde aoneke, ayambitse bokosi la malembo woimba asanayambe, ndipo afupikitse nthawi yolowera, chifukwa imene pulogalamu imaika yokha imakhala yaitali kwa nyimbo. Zizindikiro za kugunda zimene pulogalamuyo imaika zimatsata ng'oma, ndiye asaziyese za woimba.

Ngati nyimboyo inapekedwa ndi wina wa kunja kwa kwaya yanu, pezani chilolezo musanaiike pa intaneti, chifukwa kulemba mawu ake pa kanema nakonso ndi kugwiritsa ntchito luso la mwini. A COSOMA, bungwe loteteza umwini wa luso, angakuuzeni njira yake. Ndipo mawu onse awerengedwe ndi amene anapeka nyimboyo musanayambe kuwayendetsa, popeza kusintha lembo limodzi pambuyo pake kumasokoneza manambala a Index aja.

Kuti mudziwe ngati mwakonzadi, muitane mnzanu mmodzi wa m'kwaya amene nyimboyo amaidziwa pamtima. Tsitsani phokoso mpaka lizimveka pang'ono chabe, mumuuze aimbe motsatira malembo okha. Pamene akukakamira kapena kuthamangira kuti apeze nyimbo, lembani nambala ya fulemu, pamenepo ndi pofunika kusuntha. Mukakonza zonse koma n'kupeza kuti mkati mwa After Effects zili bwino pamene kanema wotulutsidwa akusemphanabe, vuto silili m'manja mwanu. Onani ngati nambala ya mafulemu pa sekondi imene ili pa Composition Settings ikufanana ndi imene mwasankha potulutsa. Ngati kumbuyo mwaikako zithunzi za kwaya zojambulidwa ndi foni ndipo milomo ya oimba ndi imene ikusemphana ndi nyimbo, dziwani kuti mafoni ambiri amasinthasintha chiwerengero cha mafulemu pojambula. Zithunzi zotero zimafunika kuzidutsitsa kaye mu pulogalamu ya HandBrake mutasankha Constant Framerate. Zikakanikabe pamenepo, tengani laputopuyo mupite nayo kwa munthu wokonza makanema, mumuonetse fayilo ya pulojekiti pamodzi ndi WAV ija, osati kanema wotulutsidwa yekha, chifukwa pa kanema yekhayo sangaone pamene zalakwikira.